Yambirani pa chiganizo chimodzi chabe, muchimange kuchokera pansi

"Anzanga thandizeni, ndili ndi asainimenti ya semantikisi, akuti ndionetse mmene tanthauzo la chiganizo limamangidwira kuchokera ku zigawo zake. Ndabwera ku holide kuno ku Chipata, mabuku ndilibe. Ndiyambire pati?"

Asisi musavutike ndi mabuku poyamba, tengani chiganizo chimodzi cha Chichewa chathu chomwechi muchigwirire ntchito mpaka pamapeto. Mfundo yonse, imene ambiri amaitchula ndi dzina la Gottlob Frege wa ku Germany, ndi yakuti tanthauzo la chiganizo limachokera pa zinthu ziwiri, matanthauzo a zigawo zake ndi mmene zigawozo zalumikizidwira. Ambiri amalemba za choyambacho nkuiwala chachiwiri, mamakisi amathawira pamenepo.

Tengani ichi: Njoka yaluma mwana. Tinene kuti tikudziwa njoka yake ndi mwana wake, ndiye mawu awiriwa akungoloza zinthu, mtundu wawo timaulemba e. Chiganizo chonse chimakhala choona kapena chabodza, mtundu wake ndi t. Mneni luma payekha ngosakwanira, ali ndi mipata iwiri, wa wolumidwa ndi wa woluma, ndipo amalembedwa chonchi:

```
luma = λy.λx. luma(x, y)
luma mwana = λx. luma(x, mwana)
njoka yaluma mwana = luma(njoka, mwana)
```

Musaope kachizindikiro λ ako, kakungonena kuti pano pali mpata wofunika kudzaza. Sitepe yoyamba mneni amatenga mwana, mpata umodzi watsekeka, chatsala ndi "kuluma mwana" komwe sikungakhale koona kapena kwabodza chifukwa sitinamve kuti waluma ndani, mtundu wake ndi <e,t>, kutanthauza kuti chikalandira e chimapereka t. Sitepe yachiwiri njoka ikulowa pa mpata wotsalawo, basi mwafika pa t, chiganizo nchoona pokhapokha ngati njokayo yalumadi mwanayo. Za nthawi, ka -a- ka mu yaluma, nenani poyera kuti mwaziika pambali. Podzichonga nokha yang'anani pamwamba pa mtengo wanu, chojambula cha nthambi choonetsa mmene zigawo zalumikizidwira, ngati simunathere pa t ndiye kuti pali mpata umene simunadzaze kapena mwalumikiza zinthu zosagwirizana.

Lomba apa mpamene Chichewa chikuthandizeni kuposa chizungu. Nenani kuti Mwana yamuluma njoka. Mwana wabwera kutsogolo koma wolumidwa akadali yemweyo, chifukwa ya- akugwirizana ndi njoka ndipo -mu- akuloza mwana. Ndiye kulumikiza kumene tikunenaku si nkhani ya amene wayamba pa mzere ayi, ndi nkhani ya amene walowa mpata uti, ndipo mneni wathu amazionetsa yekha. Chitsanzo ichi musachisiye.

Chimene ine ndimachikonda kwambiri chili mkati mwa mneni momwemo. Tengani meny-, onjezani -an- kenako -its-, mupeza kuti Aphunzitsi amenyanitsa ana, kutanthauza kuti anawo amenyana okhaokha ndipo wachititsa ndi aphunzitsi. Tembenuzani tizigawo tomweto, -ets- patsogolo -an- pambuyo, mupeza kuti Ana amenyetsana kwa aphunzitsi, apa aliyense wachititsa kuti mnzake amenyedwe, mwina poneneza, ndipo chikwapu chili ndi aphunzitsi. Zigawo nzimodzimodzi, kusiyana kwa -its- ndi -ets- nkwa mavawelo chabe, koma chimene chayamba kumamatira pa tsinde ndicho chimayamba kugwira ntchito pa tanthauzo, chinacho chimagwira pa zotsatira zake. Jambulani ndi mabulaketi, [[meny-an]-its] ndi [[meny-ets]-an], alekichara aona kuti mwamvetsa. A Sam Mchombo a ku Malawi analemba zambiri pa aneni a Chichewa otere, mukabwerera ku sukulu mukafufuze dzina lawo mu laibulale.

Musatseke pepala musanaonetse pamene mfundoyi imalephera. Wina akati agogo anditsina khutu, mukawerengera mmene tinachitira ndi luma uja mupeza zala ndi khutu lopweteka, pomwe munthuyo akunena kuti amuchenjeza kapena amuuza nkhani mwachinsinsi. Njira yodziwira ndi kusintha liwu limodzi ndi lina loyandikana nalo. Njoka yaluma mwana mukaika mbuzi pa mwana tanthauzo limasintha pamalo pomwepo pokha, koma kutsina khutu mukati kutsina mphuno chenjezo lonse lija lasowa, kwatsala kutsina kwenikweni. Zikatero mawu awiriwo muwatenge ngati chigawo chimodzi chokhala ndi tanthauzo lakelake, chenjeza, chokhala ndi mipata iwiri ngati luma, kenako mupitirize kumanga monga mwa masiku onse, ndi- alowe pa wochenjezedwa, agogo alowe pa wochenjeza.

Mukajambula mtengo wanu woyamba pa pepala mutumize chithunzi tiuonere limodzi musanapereke.