Kuyesa mitundu chikwangwani chisanasindikizidwe

"Ndakonza chikwangwani cha malemba ofiira pa mtundu wobiriwira. Ndingadziwe bwanji ngati onse adzatha kuwerenga?"

Achimwene, pamenepo pali vuto, chifukwa ofiira ndi obiriwira ndi amene amasokoneza anthu ambiri osasiyanitsa mitundu, makamaka amuna. Sindikizani kope limodzi la zakuda ndi zoyera zokha. Malemba akasungunuka m'mtundu wakumbuyo, ndiye kuti mitunduyo ndi yoderapo mofanana. Umodzi muuwalitse kwambiri. Mu pulogalamu yokonzera zithunzi ya Photoshop pitani pa View > Proof Setup > Color Blindness, muone momwe osasiyanitsa mitunduwo amaonera. Kwa osaona bwino, malemba asachepere mapointi 14, ndipo pepala lonyezimira lipeweni, limathobwa m'maso. Kompyuta imanamiza, choncho kopelo muliwerengetse agogo ali chapatali musanalipire osindikiza.