Imelo yotuma wantchito wapansi panu: mukufuna chiyani, liti, nanga akakakamira afunse yani?

"Ndakwezedwa posachedwapa ndipo ndikuyang'anira anthu atatu. Mmodzi mwa iwo, mtsikana amene wangoyamba kumene ntchito, ndinamulembera imelo iyi: 'Moni. Tandikonzerani lipoti la madandaulo a makasitomala a miyezi yapitayi. Ndikulifuna msanga. Mukakhala ndi funso mundiuze.' Patatha masiku 8 anandibweretsera masamba 14, pomwe ine ndinkafuna tsamba limodzi lopita nalo ku msonkhano, ndipo msonkhanowo unali utachitika kale. Sanandifunse kalikonse. Ndikanalemba bwanji?"

Mtsikanayo musamuone ngati waulesi. Masamba 14 salembedwa ndi munthu wozemba ntchito, amalembedwa ndi munthu amene sakudziwa polekezera, ndiye akungoikamo chilichonse poopa kusiya chimene bwana akufuna. Imelo yotumira munthu ntchito imayesedwa ndi funso limodzi: kodi wolandirayo angathe kudziwa yekha kuti wamaliza, popanda kubwera kudzakufunsani? Yanu ija sinamupatse njira yodziwira zimenezo.

Tiyambe ndi mawu akuti lipoti, chifukwa ndi amene anasokoneza kwambiri. M'mutu mwanu munali tsamba limodzi, mwina tebulo la manambala ndi ndemanga pang'ono pansi pake. Kwa munthu wongochoka kumene kusukulu, lipoti ndi chinthu chokhala ndi mawu oyamba, cholinga, njira yofufuzira, zopezeka ndi mawu omaliza. Nonse awiri simunalakwe, koma munali kuona zinthu ziwiri zosiyana. "Miyezi yapitayi" nawo ndi mawu opanda malire: itatu, isanu ndi umodzi, kapena kuyambira Januwale? Iye anasankha yambiri, monga amachitira aliyense wokayikira.

Mankhwala ake ndi kufotokoza chinthu chomalizidwacho ngati kuti mwachigwira kale m'manja. Nenani kuti ndi masamba angati, muli chiyani, chikuyambira tsiku liti kufika liti, chibwere mu fayilo ya mtundu wanji. Kenako onjezani chiganizo chimodzi chonena kumene chikupita. Ambiri amachisiya poganiza kuti wamng'ono safunika kudziwa za msonkhano wa akuluakulu, koma chiganizo chimenechi ndi chimene chimamuthandiza kusankha bwino pa tinthu tating'onoting'ono timene inu simunatiganizire. Akadziwa kuti tsambalo likawerengedwa m'mphindi ziwiri ndi anthu ofuna kusankha vuto limodzi loyamba kulikonza, sadzataya tsiku lonse akukongoletsa chikuto. Nenaninso chimene simukufuna. Mzere umodzi wakuti "musalembe njira zothetsera mavutowo" umapulumutsa masiku awiri.

Imelo yanu ija, italembedwanso, ikhoza kukhala chonchi. Pa Subject palembedwe: Tebulo la madandaulo a Julayi mpaka Sepitembala, lifike Lachinayi pa 14, 12 koloko masana.

"Moni, mwaswera bwanji?

Ndikupempha mundikonzere chidule cha tsamba limodzi cha madandaulo a makasitomala amene tinalandira kuyambira pa 1 Julayi mpaka pa 30 Sepitembala. Ndikachigwiritsa ntchito pa msonkhano wa akuluakulu a nthambi Lachisanu pa 15 m'mawa, kumene tikasankhe vuto loyamba kulikonza.

Pamwamba pakhale tebulo la madanga anayi: mtundu wa dandaulo, chiwerengero cha mwezi uliwonse mwa itatuyo. Mitundu isapitirire isanu, otsalawo muwaike pamodzi mumzere wa 'ena'. Pansi pa tebulo mulembe ziganizo zitatu kapena zinayi zonena mtundu umene ukukula kwambiri. Kasitomala mmodzi akadandaula kangapo pa nkhani imodzi, muwerenge ngati dandaulo limodzi. Musaikemo mayina a makasitomala, ndipo njira zothetsera mavutowo musalembe. Mutumize PDF pamodzi ndi fayilo ya Excel imene mwawerengeramo. Ndaphatika chidule cha miyezi itatu yam'mbuyo kuti muone maonekedwe ake.

Chomaliza chindipeze Lachinayi pa 14, isanakwane 12 koloko masana, kuti ndikhale ndi masana onse ochiwerenga ndi kukonza. Lachiwiri pa 12, musanaweruke, munditumizire mitundu isanu imene mwasankha ndi manambala a Julayi okha, ngakhale zisanakonzedwe bwino. Ntchito iyi ikhale patsogolo pa yosanja mafayilo akale, imeneyo idikire sabata yamawa.

Za fayilo ya madandaulo, monga kuitsegula kapena mizere yosamveka, mufunse mkulu wa nthambi yothandiza makasitomala. Ndawaika pa CC ndipo ndawauza kale. Za chimene chilowe m'chidule, mundifunse poyankha imelo yomwe ino, ndimayankha tsiku lomwelo isanakwane 4 koloko. Lachitatu ndidzakhala ku maphunziro mpaka 2 koloko, choncho chikakhala chinthu choti chakuimitsani, munditumizire uthenga pa foni. Mayina a mitunduyo ndi maonekedwe a tebulo musankhe nokha.

Lero musanaweruke, mundiyankhe ndi mizere iwiri: mmene mwamvera ntchitoyi, komanso ngati Lachinayi n'lotheka.

Zikomo."

Mwaona kuti yatalika. Inde, imatenga mphindi khumi kuilemba m'malo mwa theka la mphindi, koma yerekezani ndi masiku 8 aja. Onaninso chimene mulibemo: simunamuuze mmene asanjire mizere mu Excel kapena batani loti adine. Mukayamba kulemba sitepe iliyonse, ndiye kuti ntchitoyo mukuigwira nokha ndi manja a mnzanu, ndipo iye saphunzirapo kanthu. Malangizo a kachitidwe amalowa pokhapokha pamene pali msampha umene inu mukuudziwa koma iye sangauone. Apa msampha wake ndi kasitomala woimba katatu pa nkhani imodzi. Mukapanda kunena, wina awerenga atatu, wina awerenga mmodzi, ndipo manambala a chidule chatsopano sagwirizana ndi a chakale. Zikatero, kumsonkhano mumakakhalira kufotokoza manambala m'malo mokambirana vuto.

Pa nkhani ya nthawi, "msanga" wa bwana ndi "msanga" wa wantchito sakumana. Kwa inu anali masiku atatu, kwa iye anali "ndisachedwe kwambiri". Ngakhale "pofika Lachinayi" sakwanira, chifukwa wina amva kuti Lachinayi m'mawa chikhale chafika, wina amva kuti ali ndi Lachinayi lonse mpaka usiku. Lembani dzina la tsiku, deti ndi ola. Ndipo tsiku lomaliza la wantchito lisakhale tsiku la msonkhano wanu. Siyani mpata wokwanira kuti muwerenge, mubweze, iye akonze. Pa ntchito ya tsamba limodzi, theka la tsiku ndi lokwanira. Pali mabwana amene amanama, kunena Lachitatu pomwe chinthucho chikufunika Lachisanu sabata inayo. Zimagwira ntchito kamodzi kapena kawiri. Wantchito akaona kuti chimene anachezera usiku chakhala masiku asanu osatsegulidwa, masiku anu onse amayamba kuwachotsera. Kunena chifukwa chenicheni cha olalo kuli ndi mphamvu kuposa kuopseza.

Chiganizo cha Lachiwiri chija ndi chimene ndingakulangizeni kuti musachisiye ngakhale mutafupikitsa zina zonse. Chikanakhalapo, mukanaona pa tsiku lachiwiri kuti mtsikanayo walowera kwina, ntchito yotayika ikanakhala ya maola ochepa. Pemphani kachidutswa kooneka ndi maso, monga mitundu isanu ndi manambala a mwezi umodzi. Mukangoti "mundiuze mmene zikuyendera", yankho lake limakhala "zikuyenda bwino", ndipo simudziwapo kanthu. Mawu akuti "ngakhale zisanakonzedwe bwino" ndi ofunika, apo ayi munthu watsopano amabisa ntchito yake mpaka itasalala. Za ntchito ina imene idikire, ndi inu woyenera kunena. Wamng'ono alibe mphamvu yoimitsa ntchito imodzi ya bwana chifukwa cha ina, ndiye mukapanda kusankha amazigwira zonse mwatheka.

Tsopano za kusafunsa kuja. Munalembadi kuti akakhala ndi funso akuuzeni, koma mawu amenewa amamveka ngati kutsanzika chabe, ofanana ndi "zikomo" wakumapeto. Munthu amene wangolembedwa ntchito amaopa zinthu ziwiri: kuoneka wosadziwa, ndi kusokoneza bwana wotanganidwa. Kuti afunse, ayenera kuona kuti funso likuyembekezeredwa, ndipo zimenezi zimaoneka mukatchula mtundu wa funso, munthu wolifunsa, njira yake ndi nthawi yoyankhidwa. N'chifukwa chake imelo yatsopanoyo yagawa mafunso patatu. A fayilo apite kwa mwini fayilo, a zolowa m'chidule abwere kwa inu, ndipo pali ena osafunika kufunsa aliyense. Gawo lachitatuli limateteza inuyo, chifukwa mukatsegula khomo la mafunso osanena malire, mudzafunsidwa ngakhale mtundu wa zilembo.

Mafunso abwere pa imelo yomweyo kuti mayankho akhale pamalo amodzi. Mukayankha lina pa foni, lina pakhonde, lina pa imelo, pofika Lachinayi palibe amene akukumbukira chimene munagwirizana chokhudza mzere wa "ena". Mukayankhira pakamwa, iye alembe mzere umodzi pa imeloyo wonena zimene mwamvana. Munthu amene mwamutchula kuti afunsidwe muyambe mwamuuza, si bwino kuti mwana wa dzulo pa ntchito akagogode kwa mkulu amene sakudziwa chilichonse. Koma bwana wanu musamuike pa CC popanda chifukwa. Wantchito akaona dzina lalikulu pamenepo, amaona ngati ali pa mlandu, ndipo funso limene akanafunsa amalimeza. Lonjezo la 4 koloko lija nalonso ndi ngongole. Mukalephera kuyankha funso loyamba, lachiwiri silibwera.

Mizere iwiri yakumapeto ija yalowa m'malo mwa "mwamva?", funso limene wamng'ono aliyense amayankha kuti eya. Akalemba yekha mmene wamvera, cholakwika chimaonekera pomwepo. Akayankha kuti "ndikonza tebulo la madandaulo onse a chaka chino", mwagwira vuto ntchito isanayambe. Akati Lachinayi n'lovuta chifukwa fayiloyo ili ndi mizere 600 osati 200 imene inu mumaganiza, musakakamire tsiku lokha. Sankhani chimodzi: muchepetse ntchito, mwachitsanzo miyezi iwiri m'malo mwa itatu, kapena mumupatse womuthandiza kuwerenga, kenako mulembe chosankhacho pa imelo yomweyo.