PVC kapena chitsulo: yang'anani komwe paipiyo idutse

"Ndikumaliza nyumba ku Machinjiri. Kuchokera pa mita ya madzi kufika panyumba pali mamita 30, ndipo ndikufuna mpope wapanja, thanki ndi giza. Pulamba wina akuti ndigule mapaipi a PVC, wina akuti achitsulo a GI. Ndimvere uti?"

Bambo, apulamba anu onse awiri akunena zoona, koma aliyense akunena za chigawo chimodzi cha ntchitoyo. Pa nyumba ngati yanuyi, ine sindingagule mtundu umodzi wokha, chifukwa paipi yokwiriridwa m'dothi, paipi yoima padzuwa ndi paipi yonyamula madzi otentha zimawonongeka ndi zinthu zosiyana.

Tiyambe ndi mamita 30 aja, pakuti ndi pomwe anthu ambiri amatayira ndalama. Paipi ya GI ndi chitsulo chokutidwa ndi zinki, ndipo zinkiyo ndi imene imatchinga dzimbiri. Pulamba akadula paipi n'kusema mazinga kumapeto kwake, amachotsa zinki pamalo amenewo, choncho pamfundo iliyonse pamakhala chitsulo chosatetezedwa. Ikakwiriridwa m'dothi lomwe limanyowa miyezi yonse ya dzinja, dzimbiri limayambira pamfundozo, kunja ndi mkati momwe. Lamkatilo ndi loipa kwambiri, chifukwa limamera ngati zipere n'kumachepetsa njira ya madzi pang'onopang'ono. Nyumba yomwe ndinakulira ku Chilomoni inali ndi vuto limeneli: madzi a m'mawa ankatuluka ofiirira m'chidebe choyamba, ndipo shawa inkangodontha pamene kwa anansi athu madzi ankathamanga bwino. Titafukula n'kudula paipi ya hafu inchi, tinapeza kuti kabowo kotsala kanali koti pensulo n'kulowa movutikira. Ngati madzi ofiirira amayera mukangotsegula mpope kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, dziwani kuti dzimbirilo lili m'mapaipi anu omwe.

Choncho pansi pa nthaka ikani PVC, yomwe sichita dzimbiri, ndipo mkati mwake mumakhala mosalala mpaka kalekale. Komatu si paipi iliyonse ya pulasitiki yomwe ndi ya madzi a pampope. M'mahadiweya a ku Limbe mumapezekanso mapaipi a madzi otayika a kusinki ndi ena odutsitsamo mawaya a magetsi, omwe ndi opyapyala ndi otsika mtengo, ndipo munthu wofuna kusunga ndalama akhoza kunyengeka nawo. Paipi yoyenera imalembedwa m'mbali mwake kukula kwake ndi kalasi yake, ndipo nambala ya kalasiyo imasonyeza mphamvu ya madzi yomwe ingapirire, pa muyeso wotchedwa baa.

Nambala imeneyi ndi yofunika kwambiri kuno ku Blantyre chifukwa cha mapiri. Madzi athu ambiri amapopedwa kuchokera mu Shire, ku Walker's Ferry, n'kukwezedwa mpaka m'mathanki omwe ali pamalo okwera, kenako amatsikira m'makomo. Madzi akatsika mamita 10, mphamvu yake imakwera ndi baa imodzi. Ndiye ngati nyumba yanu ili m'munsi mwa thanki yomwe imakupatsani madzi ndi mamita 60, usiku anthu onse akatseka mipope, paipi yanu imasenza mabaa pafupifupi 6, kutanthauza kuti paipi ya kalasi 6 yafika kale pamalire ake. Onjezerani zomwe zimachitika madzi akabwera atasowa tsiku lonse, pamene mpope umayamba watsokomola mpweya, mapaipi n'kumagunda m'khoma. Kugunda kumeneko kumakweza mphamvu mwadzidzidzi kuposa ya nthawi zonse, ndipo paipi yopyapyala imang'ambika m'litali. N'chifukwa chake kuchokera pa mita ine ndimalangiza kalasi 12, kapena 16 ngati muli kumunsi kwenikweni, yokula mamilimita 25. Mapaipi amabwera otalika mamita 6, choncho asanu akukwanirani, koma gulani asanu ndi imodzi chifukwa cha modula ndi mokhota.

Kakwiriridwe kake nako musakusiye m'manja mwa anyamata aganyu popanda kuyang'anira. Ngalande ikhale yakuya masentimita osachepera 50, chifukwa mdani wamkulu wa PVC pakhomo ndi khasu la wolima ndiwo kuseri kwa nyumba. Malo ambiri kuno ndi amiyala, ndiye pansi pa ngalandeyo muyalepo mchenga, pamwamba pa paipi muthirenso mchenga musanabwezere dothi, popeza mwala wosongoka ukatsamira paipi umaiboola patapita nthawi. Pomata, pulamba adule mowongoka, apale m'mphepete, apukute fumbi, apake guluu mbali zonse ziwiri, alowetse mpaka kumapeto n'kugwira kwa kanthawi. Madzi mutsegule mawa lake, ndipo mfundo zonse zikhale poyera mpaka mutaona kuti palibe pomwe pakudontha. Njira yoyesera ndi yosavuta: tsekani mipope yonse, lembani manambala a pa mita madzulo, mukawerengenso m'mawa. Akasintha, penapake pakutuluka madzi.

Paipi ikangotuluka m'dothi, chitsulo ndiye chimapambana. PVC ikakhala padzuwa nthawi yaitali imayamba kuyezuka mtundu n'kuuma, ndipo ikagundidwa imasweka m'malo mopindika. Mpope wapanja umakumana ndi zambiri, monga ana kukoleka chidebe chodzaza pakamwa pake ndi amayi kutsamirapo pochapa. Pamenepo ikani GI, yomangidwa m'chipilala cha njerwa kapena konkire, chimodzimodzinso paipi yokwera ku thanki. Pogula yang'anani mzere wa penti kumapeto kwa paipi: wobiriwira ngati thambo ndi wa makulidwe apakati, omwe ndi oyenera pakhomo, pamene wofiira ndi wa paipi yochindikala kwambiri. Yopepuka kuposa ya makulidwe apakatiyo musatenge, chifukwa mazinga akasemedwa pamatsala chitsulo chochepa kwambiri.

Pokumana pulasitiki ndi chitsulo ndi pomwe pamadontha kawirikawiri, ndipo cholakwika chake chimakhala chimodzimodzi. Mazinga a pulasitiki ndiwo azilowa mkati mwa soketi yachitsulo. Mukalowetsa chitsulo mkati mwa soketi ya pulasitiki n'kumanga ndi sipanala, chitsulocho chimaitanula, ndipo imang'aluka, nthawi zina patapita miyezi, simenti itauma kale pamwamba pake. Pemphaninso kuti pakhale valavu ndi yuniyoni, cholumikizira chomwe chimamasuka ndi sipanala, pafupi ndi thanki, kuti tsiku lokonza musadzachite kudula paipi.

Za giza ndinene mwachidule: PVC wamba isayandikire madzi otentha. Malire ake ndi madigiri 60, pomwe giza amatenthetsa madzi kufika pomwepo kapena kupitirira, ndipo paipiyo imafewa, mfundo n'kumasuka m'denga. GI imapirira kutentha, koma madzi otentha amafulumizitsa dzimbiri, makamaka ikalumikizidwa mwachindunji ndi kopa. Pa mzere umenewu funsani PPR, paipi ya pulasitiki yopirira madzi otentha, yomwe amailumikiza pochita kuiwotcha ndi makina, kapena kopa ngati thumba likulola.

Poyerekeza mitengo musangoyang'ana wa paipi imodzi. Muuzeni pulamba aliyense alembe papepala kuchuluka kwa mapaipi, kalasi yake, maelibo, masoketi ndi malipiro ake, pakuti ntchito ya GI imatenga nthawi yaitali chifukwa chosema mazinga pamfundo iliyonse. Amene akane kulemba kalasi ya paipi pa pepalalo, musamupatse ndalama yokagulira katundu, mukagule nokha n'kuwerenga zolembedwa m'mbali mwa paipi musanalipire.