Msonkho watsopanowu ndiuike m'bokosi liti?

"Achimwene, ndikukonzekera mayeso a za bizinesi ndipo PESTEL yandizunguza mutu. Akati boma labweretsa msonkho watsopano, ndiike pa ndale, pa chuma kapena pa malamulo? Nanga ndalama ikagwa mphamvu, kapena anthu akasiya kukonda chinthu? Ndithandizeni chonde."

Mlongo wanga, mwandikanda pa chilonda chakale. Kwa amene sakuidziwa, PESTEL ndi njira younikira zinthu zakunja zimene zimakhudza bizinesi, poziika m'mabokosi asanu ndi limodzi: ndale, chuma, chikhalidwe cha anthu, ukadaulo, chilengedwe ndi malamulo. Funso lomweli linandidyera malikisi 12 pa mayeso ena, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umawawa.

Anatipatsa nkhani ya kampani yopanga zakumwa zoziziritsa kukhosi, imene boma linali litalengeza kuti liika msonkho pa zakumwa za shuga wambiri. Ine ndinaona mawu oti msonkho, ndinati msonkho ndi ndalama, ndalama ndi chuma, basi nkhani yonse ndinaiunjika pa chuma. Ndinalemba masamba awiri, ndikudzimva kuti ndakhoza. Pepala litabwera, mphunzitsi anali atalemba ndi cholembera chofiira mawu atatu okha: "Waika msonkhowu ndani?" Ndinapita kukadandaula. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, nabwerezanso funso lomwelo, nkupitiriza kuchonga mapepala ena. Ndinatuluka nditapsa mtima, ndipo kwa sabata yathunthu ndinkauza aliyense kuti mkuluyo ndi wankhanza.

Sanali wankhanza. Ndine ndinkasankha bokosi poyang'ana pamene chinthu chikupweteka, pomwe PESTEL imafunsa kumene chinthucho chachokera. Zonse zimapweteka m'thumba. Chilala chimapweteka m'thumba, makina atsopano a kampani yopikisana nanu amapweteka m'thumba, lamulo la malipiro nalo chimodzimodzi. Mukatsata thumba, zinthu zonse zithera pa chuma ndipo mabokosi asanu enawo atsala opanda kanthu.

Patapita zaka ndinadzaona nkhani ya pamayeso ija ikuchitikadi ku Britain. Mu Malichi 2016 nduna ya zachuma, George Osborne, inalengeza msonkho wa zakumwa za shuga, koma unayamba kugwira ntchito mu Epulo 2018. Chakumwa chokhala ndi magalamu 5 a shuga kapena kuposerapo pa mamililita 100 chinkalipira mapeni 18 pa lita, cha magalamu 8 kapena kuposerapo mapeni 24. Taonani zaka ziwiri zapakatizo. Mu 2016 palibe kampani imene inkalipira kalikonse, panalibe woimbidwa mlandu. Chinalipo ndi maganizo a boma, amene akanatha kusintha nduna itasintha. Imeneyo ndi ndale. Pofika 2018 panali malire olembedwa, mafomu odzaza ndi chilango kwa wozemba. Amenewo ndi malamulo. Ndipo chimene chinakankha boma poyamba ndi nkhawa ya anthu pa kunenepa kwa ana, nkhani ya chikhalidwe ndi moyo wa anthu. Makampani ambiri sanadikire 2018, anachepetseratu shuga kuti atsike pansi pa magalamu 5. Anawerenga ndale nthawi ikadalipo, ndiye lamulo litafika silinawapeze.

Apa ndiye ndimakangana ndi anthu amene amati zilibe kanthu, ikani paliponse bola mwatchula. Ayi, ndikukana. Bokosi limakuuzani munthu woti muzimuyang'anitsitsa. Chinthu chikakhala pa ndale, mumatsatira zokamba za nduna, bajeti ndi zisankho, ndipo mungathe kukadandaula kudzera m'bungwe la amalonda anzanu. Chikakhala pa malamulo nthawi yodandaula yatha, itanani loya ndi wowerengera ndalama. Kusokoneza ziwirizi ndiye kumapita kukachonderera chinthu chimene chinasainidwa kale.

Komanso ndinene, ngakhale ena sakondwa: mabokosi asanu ndi limodziwa sanatsike kumwamba. Francis Aguilar wa ku Harvard atalemba za nkhaniyi mu 1967 anali ndi anayi okha, chuma, ukadaulo, ndale ndi chikhalidwe cha anthu. Chilengedwe ndi malamulo anadzawonjezera ena pambuyo pake. Nchifukwa chake ndale ndi malamulo zimalowana chonchi, zinali m'nyumba imodzi. M'mabuku ambiri mupeza mfundo za msonkho zili pansi pa ndale, ndipo ngati funso likufuna yankho limodzi lokha, pamenepo ndi pabwino kuponda.

Za ndalama kugwa mphamvu

Iyi inandipezanso ndili pa ntchito, pa kampani ina yoitanitsa zipangizo kunja. Tiyerekeze ndi manambala osavuta. Mwaitanitsa katundu wa madola 10,000 pamene dola imodzi ikugulidwa ndi 100 ya ndalama ya kwanu, ndiye mukuyembekeza kulipira 1,000,000. Tsiku lolipira likufika dola ili pa 125, mulipira 1,250,000. Katundu ndi yemweyo, wogulitsa sanakweze mtengo, koma 250,000 yapita. Ichi ndi chuma, mosakayika, pamodzi ndi chiwongoladzanja, kukwera mitengo kwa zinthu ndi ulova.

Abwana anga nthawi imeneyo ankakakamira kuti tilembe ndale, ati chifukwa andale ndiwo agwetsa ndalama. Tinakangana masana onse. Mwina sankanama, koma ankalumpha sitepe. Anthu a ku Britain atavota mu Juni 2016 kuti atuluke mu mgwirizano wa maiko a ku Ulaya, paundi inagwa usiku womwewo. Votiyo ndi ndale, kugwa kwa paundi ndi chuma. Ndi zinthu ziwiri, china chabala chinzake, ndipo chilichonse chili ndi mzere wake. Chimene chinafika pa desiki ya woitanitsa katundu ndi mtengo wa dola, osati voti. Abwana aja anamaliza ndi kunena kuti ndine mwana wa dzulo, lipoti linapita momwe ankafunira, ndipo palibe amene analiwerenga. Imeneyonso ndi nthenda ya PESTEL m'maofesi, tebulo lokongola lodzaza mbali zonse koma lopanda chiganizo chimodzi chonena zoti tichite. Tisaiyambe lero.

Pa zokonda za anthu pali msampha umodzi umene umakola ambiri. Malonda a chinthu akatsika, musathamangire kunena kuti anthu asintha mtima. Funsani kaye: sakuchifuna, kapena sangachikwanitse? Ngati asiya chakumwa cha shuga chifukwa akuopa matenda, ndi chikhalidwe cha anthu. Ngati asiya chifukwa malipiro sakufika kumapeto kwa mwezi, ndi chuma, ndipo mudzazindikira poona kuti asamukira ku chakumwa chotchipa cha shuga yemweyo. Chimodzimodzi anthu akamakana mapulasitiki: maganizo awo ndi chikhalidwe, zinyalala zodzaza m'nyanja ndi chilengedwe, chiletso cha boma ndi malamulo. Ndipo kampani yopikisana nanu ikatsitsa mtengo, musaipezere bokosi mokakamiza, imeneyo si ya PESTEL, ndi ya kauniuni wa mpikisano.

Tsono pa mayeso anuwo chitani izi. Dulani nkhaniyo m'ziganizo, chiganizo chilichonse chinthu chimodzi. Yang'anani mneni: "likuganizira", "lalengeza", "lalonjeza" ndi ndale, "ayenera", "nkoletsedwa", "chindapusa" ndi malamulo. Sankhani bokosi limodzi, perekani chifukwa m'chiganizo chimodzi, kenako nenani zimene zichitikire kampaniyo, monga kukwera kwa ndalama zopangira katundu kapena kuchepa kwa ogula. Ngati chinthucho chikukhudzanso bokosi lina, tchulani mwachidule pamapeto, osachilemba kawiri.