Chiwerengero cha Mzuzu ndi nkhani ya malire

"Kodi Mzuzu wakula bwanji chonchi pakati pa kalembera wa 2008 ndi wa 2018? Ndi ana obadwa okha?"

Ayi achimwene, obadwa ndi osamukira kuno alipo, koma yang'ananinso malire. Boma likafutukula malire a mzinda, midzi yomwe inali pansi pa Mzimba imayamba kuwerengedwa ngati Mzuzu. Tiyerekeze mudzi wa anthu 5,000 walowetsedwa: chiwerengero cha mzinda chikwera ndi 5,000, cha Mzimba chitsika chimodzimodzi, chonsecho palibe wasamuka ngakhale mmodzi. Chizindikiro chake n'chakuti malo a mzinda amakula kwambiri, koma anthu pa sikweya kilomita amachepa, poti madera olowawo ndi minda yambiri. Ndiye musanayerekeze makalembera awiri, onani kaye ngati a National Statistical Office anagwiritsa ntchito malire amodzimodzi.