Chimbudzi chamadzi mwa munthu wovulala msana: kawirikawiri ndi kudzimbidwa

Adokotala, amuna anga anavulala msana pa fupa lotchedwa T10 miyezi inayi yapitayo. Amatha masiku asanu osachita chimbudzi, kenako kumatuluka chamadzimadzi osadziwa. Ndiwapatse mankhwala oletsa kutsegula m'mimba?

Ayi mayi, musawapatse. Nthawi zambiri zikatere, chimbudzi chouma chimakhala chatseka njira, ndipo chamadzi chochokera kumtunda chimangodutsa m'mphepete. Mankhwalawo angawonjezere vutolo. Apimidwe kaye kuchipatala, chouma chija chichotsedwe, kenako muyambe ndondomeko.

Mafupa a msana a kumbuyo kwa chifuwa amawerengedwa kuchokera kumtunda, T1 mpaka T12. Popeza anavulala pamwamba pa T12, matumbo awo akumunsi amathabe kukankha chimbudzi akadzutsidwa, kungoti uthenga woti nthawi yakwana sufika ku ubongo. Ndiye nthawiyo muziisankha ndinu, imodzimodzi tsiku lililonse kapena kudumphitsa tsiku limodzi.

Tinene kuti mwasankha m'mawa. Ngati dokotala walemba mapiritsi a sena, othandiza kuchita chimbudzi, amwe usiku, chifukwa amagwira ntchito pakatha maola 8 mpaka 12. Kukacha adye kapena amwe chotentha, mudikire mphindi 20 mpaka 30, poti m'mimba mukalowa chakudya matumbo amayamba kuyenda okha. Agonere kumanzere. Valani magolovesi, pakani chala mafuta oterera akuchipatala, chotsani chimbudzi chimene chili pafupi, ndipo lowetsani kumunsiko mankhwala a bisakodilo a mamiligalamu 10. Akhudze khoma la thumbo. Apa ndi pamene ambiri amaphonya: akawabaya m'kati mwa chimbudzi sagwira ntchito, n'kumati mankhwala ndi achabe.

Pakatha mphindi 15 mpaka 30, akhale pampando wa chimbudzi ngati angathe. Lowetsani chala pang'ono, muchizungulize modekha masekondi 15 mpaka 20, mupume mphindi zisanu kapena khumi, mubwerezenso. Mukabwereza kawiri osatuluka kanthu, kapena kukangotuluka chonanda, mwamaliza. Zonsezi zisamapitirire ola limodzi. Ndikupempheni kuti ulendo woyamba namwino akuonetseni ndi manja, ndipo zikhadabo muziwenga.

Musadumphe tsiku lake, ngakhale dzulo anadziipitsira. Thupi limatenga milungu ingapo kuti lizolowere, choncho muzilemba m'kope nthawi, kuuma kwa chimbudzi ndi maulendo amene adziipitsira, ndipo muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi. Madzi azimwa malita 1.5 mpaka 2 patsiku, pokhapokha ataletsedwa.

Wovulala kumunsi kwa T12 ndi wosiyana. Thumbo lake limakhala lolobodoka, kuzunguliza chala sikuthandiza, ndipo chimbudzi chimachotsedwa ndi chala, kawirikawiri tsiku lililonse. Wovulala pa T6 kapena pamwamba pake akamva mutu kuwawa mwadzidzidzi ndi thukuta kumaso, magazi akhoza kukhala atathamanga moopsa: siyani pomwepo, mumukhazike tsonga, mumasule zovala zothina, ndipo zikapanda kutha m'mphindi zochepa thamangirani kuchipatala.

Kwa bambowa, mimba ikatupa, akamasanza, mpweya osatuluka, kapena mukaona magazi ambiri, musadikire m'mawa.