Ndajambula ndandanda ya sikelo pabolodi: ndimasulire yonse kapena ndingofupikitsa?

Funso: Ndine mlembi wa gulu la amayi kuno ku Mchinji. Ndinajambula ndandanda ya sikelo ya ana yomwe yamatidwa pabolodi kuchipatala chathu. Yalembedwa m'Chingerezi ndipo ili ndi midzi 12. Mwana wanga akuti foni ikhoza kuimasulira yonse, koma ine ndimati ndingolemba mwachidule pagulupu. Chabwino n'chiti? Chithunzicho ndakutumizirani.

Yankho: Mayi, ndandanda si nkhani yoti n'kuifupikitsa, chifukwa amene anailemba anaifupikitsa kale. Mukadulanso, ndiye kuti mwadula tsiku la munthu kapena nthawi yake. Koma kumasulira midzi yonse 12 n'kungodzilemetsa. Sankhani mizere yokhudza midzi ya amayi anu, mizere imeneyo muimasulire yathunthu osasiya kanthu, ndipo chithunzi chipite nawo limodzi.

Ndiyambe ndi chithunzicho, poti vuto layambira pamenepo. Chandifika chili mbuu cha m'munsi. WhatsApp imachepetsa chithunzi potumiza: kamera ikajambula cha madontho 4000 m'litali, chimafika kwa mnzanu chili ndi pafupifupi 1600. Nkhope ya munthu siisintha kwenikweni, koma tizilembo ting'onoting'ono timasungunuka, 3 n'kumaoneka ngati 8. Potumiza dinani HD, kabatani komwe kanabwera mu 2023, kapena tumizani ngati Document kuti chipite momwe chilili. Bandulo idyekako pang'ono, koma si ndalama yofanana ndi ya kabaza wopita ndi kubwera chabe.

Mukapitanso kuchipatalako mukajambulenso. Pukutani kamera ndi nsonga ya chitenje, zimitsani fulashi (pepala likakhala kuseri kwa galasi kapena m'pulasitiki, fulashi imasiya chibanga choyera pakati penipeni), imani moyang'anizana ndi bolodi osati cham'mbali, ndipo gwirani pasikirini pomwe pali malemba kuti kamera ilunjike pamenepo. Jambulani kawiri: pepala lonse, kuti mutu wake, deti ndi chidindo zioneke, kenako pafupi. Mabolodi athuwa amamata pepala latsopano pamwamba pa lakale, ndiye deti ndi limene lingakuuzeni ngati mukuwerenga za chaka chino. Ngati pambali pali pepala lina la mayina a odwala, lidulenipo musanatumize.

Tsono zimene mwana wanu akunena n'zoona. Pulogalamu ya pafoni yotchedwa Google Lens imawerenga malemba pachithunzi, ndipo mukadina Translate n'kusankha Chichewa imalemba Chichewa pamwamba pa Chingerezicho. Pa ndime ya mawu otsatana imathandiza ndithu kumva mutu wa nkhani. Pa ndandanda m'pamene imapunthwa. Foni imaona mawu, koma kuti nthawi iyi ndi ya mudzi uwu zimadalira timabokosi, ndipo mukakopera malembawo nthawi zambiri amatuluka midzi yonse payokha, masiku paokha, nthawi pazokha. Chithunzi chikapendekeka pang'ono, nthawi ya mudzi wachinayi imakwera n'kukakhala pa wachitatu. Njira yodziwira ndi yosavuta: werengani. Midzi ikakhala 12 koma nthawi zatuluka 11, musakhulupirire mzere uliwonse. Zolembedwa ndi cholembera ndiye zimaisokoneza kwambiri, makamaka 1 ndi 7.

Nazi zimene ndawerenga pachithunzi chanu nditachikulitsa. Mayina a midzi ndawabisa:

```
Site A   2nd Tue   08:00
Site B   3rd Thu   13:30
*Public holiday: next working day
```

Munthu wofupikitsa alemba kuti, “Amayi, sikelo ndi Lachiwiri m'mawa.” Zamveka bwino, koma zalakwika. Lachiwiri lake liti? Pamwezi pamakhala anayi, mwina asanu. Womasulira liwu ndi liwu alemba kuti “Lachiwiri lachiwiri”, ndipo agogo amene akulera mdzukulu aganiza kuti chala chinangobwereza. Ena amakonza n'kunena kuti “Lachiwiri la sabata yachiwiri”, koma nazonso zimasocheretsa. Tengani Meyi 2024: mwezi unayamba Lachitatu, choncho Lachiwiri loyamba linali pa 7, lotsatira pa 14. Wowerenga masabata pakalendala akanapita pa 7, sabata yathunthu tsiku lisanakwane. Chosasintha n'chakuti tsiku lotere limagwa pakati pa 8 ndi 14 mwezi uliwonse, ndipo Lachinayi la mudzi winawo, poti ndi lachitatu pamwezi, limagwa pakati pa 15 ndi 21.

Kamzere ka nyenyezi kam'munsiko ndi komwe wofupikitsa aliyense amataya, komanso ndi komwe kanafufutika pachithunzi chanu. Kakunena kuti tsikulo likagwa pa holide, sikelo ichitika tsiku lantchito lotsatira. Pa 14 Meyi pomwe tapeza paja ndi tsiku la Kamuzu. Ndiye kuti chaka chimenecho, pa ndandanda yonga iyi, amayi akanayenera kupita Lachitatu pa 15. Ine zoterezi zinandigwera ndi pepala lina: ndinauza mlamu wanga tsiku lokha, ndinasiya kamzere kam'munsi, anakapeza ofesi ili yotseka. Mpaka lero akabwera kudzatchajitsa foni salipira.

Choncho uthenga wanu ukhale wotere: “Amayi a mudzi wakuti, sikelo ya ana osaposa zaka zisanu ndi kamodzi pamwezi, Lachiwiri lomwe limagwa pakati pa 8 ndi 14, nthawi ya 8 koloko m'mawa. Mwezi uno ndi pa deti lakuti. Likagwa pa holide, ndi tsiku lantchito lotsatira.” Onani kuti Chichewacho chatalika kuposa Chingerezi. Musadandaule nazo, kumasulira ndandanda kumatero. 13:30 muilembe kuti hafu pasiti wanu masana, chifukwa wina akangoona 3 ndi 30 adzanyamuka mochedwa ndi maola awiri. Ndipo mugwiritse mawu amene anthu amanena: foni ikhoza kukupatsani “chipatala cha ana”, pomwe mayi aliyense amadziwa kuti ndi sikelo. Kwa amene kuwerenga kumawavuta, uthenga womwewo muunene pakamwa n'kuutumiza ngati mawu, deti mulitchule kawiri.

Kufupikitsa kuli ndi malo ake. Pamwamba pa ndandanda yanu pali ndime yaitali ya moni ndi kufotokoza chifukwa chimene asinthira masiku. Imeneyo chiganizo chimodzi chikwana: “Achipatala asintha masiku a sikelo kuyambira mwezi uno.” Ine ndimayesa chonchi: ngati mawuwo akuuza munthu tsiku, nthawi, malo, ndalama, choti atenge, kapena amene sakuloledwa, ndimamasulira onse. Ngati akungofotokoza chifukwa, ndimafupikitsa. Timawu timene ndimasaka ndi diso langa, osati la foni, ndi tija totanthauza “kupatula”, “okhawo” ndi “lisanafike”, chifukwa kamodzi kokha kakasowa chiganizo chimatembenuka.

Gululo likadakhala la amayi a midzi yonse 12, ndikadati masulirani yonse, mudzi uliwonse uthenga wakewake, kuti wina asatenge nthawi ya mnzake. Musanatumize, muonetseni mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu zimene mwalembazo. Pansi pake mulembe tsiku limene munajambula, chifukwa uthenga wa pa WhatsApp umayendabe miyezi itatu pepala litachotsedwa kale pabolodi.